Kodi mumadziwa? Laputopu ya kaunjika ndi Windows 11

Kodi mumadziwa kuti Windows 10 inasiya kusamalidwa pa 14 Okutobala 2025?

Tsiku limenelo palibe laputopu yomwe inazima. Ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo, timashopu totayipa makalata ndi kusindikiza zithunzi za pachiphaso tinatsegula monga mwa masiku onse, ndipo makompyuta anayaka bwinobwino. Chomwe chinatha ndi chakuti kampani ya Microsoft inaleka kutumiza mwaulere zigamba zotseka mabowo omwe akuba a pa intaneti amalowera. Windows 10 inatuluka pa 29 Julayi 2015, yagwira ntchito zaka khumi, ndipo yolowa m'malo mwake, Windows 11, inatuluka pa 5 Okutobala 2021. Vuto ndi lakuti Windows 11 imasankha. Siilola kulowa mu laputopu iliyonse, ndipo malaputopu ambiri omwe ali m'nyumba zathu ndi akaunjika: anagwirapo kale ntchito m'maofesi a ku Ulaya kapena ku Joni asanafike m'mashopu a m'tauni ku Area 2.

Kodi mumadziwa kuti zofunika zake n'zochepa, ndipo zambiri laputopu yanu ili nazo kale?

Microsoft imafuna purosesa ya 64-bit yothamanga 1 GHz kapena kuposa, yokhala ndi mitima iwiri kapena kuposa; ramu ya 4 GB; disiki ya 64 GB; sikirini yoposa mainchi 9 yoonetsa 720p; ndi gawo loonetsa zithunzi lomva DirectX 12. Laputopu ya muofesi yopangidwa m'zaka khumi zapitazi kawirikawiri imadutsa zonsezi osatuluka thukuta. Zomwe zimagwetsa anthu ndi zitatu zotsalazi: purosesa ikhale pamndandanda womwe Microsoft inavomereza, laputopu iyake kudzera mu UEFI yotha kugwiritsa ntchito Secure Boot, komanso ikhale ndi TPM 2.0. Pa zitatuzi, ziwiri zomalizazo nthawi zambiri zimakonzeka munthu atakhala pa mpando womwewo. Choyambacho sichikonzeka. N'chifukwa chake kufufuza kumayambira pa purosesa.

Kodi mumadziwa kuti mawu akuti "Core i7" pa kasitika paokha sakuuzani kanthu?

Ogulitsa amakonda kuloza kasitika kabuluu kali pansi pa kiyibodi. "Iyi ndi i7, bwana, ndi makina." Inu funsani kuti, "Achimwene, i7 yake ya m'badwo uti?" Mapurosesa a Intel amatuluka m'mibadwo, ndipo Windows 11 imayambira pa m'badwo wa 8, womwe unayamba kulowa m'malaputopu chakumapeto kwa 2017. M'badwowo umawerengeka pa nambala yotsatira kamzere. Pa i5-8250U, nambala yoyamba ndi 8, ndiye kuti ndi m'badwo wa 8, yadutsa. Pa i5-7200U ndi 7, yagwa. Pa i7-6600U ndi 6, yagwa, ngakhale ili i7. Pomwe i3-8130U, yomwe wogulitsa angaione ngati yonyozeka, yadutsa.

Ndipo musaganize kuti mukasankha i5 ya m'badwo wa 8 m'malo mwa i7 ya m'badwo wa 7 mwadzitsitsa. Purosesa ya i7-7500U ili ndi mitima iwiri, pamene i5-8250U ili nayo inayi. Pa ntchito yolemera, i5 yatsopanoyo imaisiya kutali i7 yakaleyo. Amene amalipira ndalama zowonjezera chifukwa cha nambala 7 ya pa kasitika amagula dzina.

Kodi mumadziwa kuti nambala yoyamba ndi 1 ikhoza kukhala yatsopano kwambiri?

Apa ambiri amasokonezeka. Pa i5-10210U muwerenge manambala awiri oyamba: ndi m'badwo wa 10. Pa i5-1135G7 ndi wa 11, pa i5-1035G1 ndi wa 10. Onsewa ndi ovomerezeka. Koma mukaona manambala atatu okha, monga i5-520M, imeneyo ndi ya m'badwo woyamba, ya m'chaka cha 2010. Isiyeni pomwepo.

Kodi mumadziwa kuti kuona purosesa sikufuna intaneti ngakhale pang'ono?

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, pabwera kabokosi kakang'ono. Lembanimo izi, n'kudina Enter:

```
msinfo32
```

Pabwera tsamba la System Information lokhala ndi mizere yambiri. Musachite nayo mantha, inu mukufuna isanu ndi umodzi yokha. System Model ikuuzani dzina la laputopu. System Type iyenera kunena kuti x64-based PC. Processor ikupatsani nambala ija. BIOS Mode inena UEFI kapena Legacy. Secure Boot State inena On, Off kapena Unsupported. Installed Physical Memory (RAM) ikuuzani kukula kwa ramu. Jambulani tsambali ndi foni musanachoke pamenepo, chifukwa mudzalifunanso mukamakambirana ndi wokonza kapena wogulitsa.

Ngati mukukayikira kuti wina waseweretsa zomwe Windows ikuonetsa, zimitsani laputopu, muyiyatse n'kulowa mu BIOS. Zolembedwa m'menemo zimachokera ku makina enieniwo.

Kodi mumadziwa kuti malaputopu awiri a dzina limodzi akhoza kusiyana, ina kudutsa ina kugwa?

Mwa malaputopu odzaza m'mashopu a kaunjika, HP EliteBook 840 G3 ndi ya m'badwo wa 6, ndipo 840 G4 ndi ya m'badwo wa 7. Zonse ziwiri zagwa. Dell Latitude E7470 ndi Lenovo ThinkPad T470 nazonso zagwa. Zomwe zimayamba kudutsa ndi EliteBook 840 G5, Latitude 7490 ndi ThinkPad T480. Koma tcherani khutu apa: mitundu itatu imeneyi inatulukanso ina yokhala ndi purosesa ya m'badwo wa 7, monga i5-7300U. Kunja zimafanana ndendende, chikuto chomwecho, dzina lomwelo. Munthu amene wauzidwa ndi mnzake kuti "ukagule T480" akhoza kubwera nayo T480 yeniyeni koma yosavomerezeka. Dzina la pachikuto limangokulozerani komwe mungayang'ane. Woweruza ndi mzere wa Processor.

Kodi mumadziwa kuti ku AMD malire ake ndi oterera?

Anthu amanena mwachidule kuti Ryzen 2000 kupita m'tsogolo ndi yovomerezeka. Pa makompyuta a patebulo mawuwa ndi oona pa mitundu yambiri, koma pa malaputopu ayi. Ryzen 5 2500U ili ndi nambala yoyamba ndi 2 koma m'kati mwake ndi ya kapangidwe koyamba, ndipo siili pamndandanda. Ryzen 5 3500U ilipo. Pa laputopu ya AMD, yambirani pa 3000. Ma AMD akale olembedwa A6, A8 kapena E2 omwe anadzaza m'malaputopu otsika mtengo, musavutike nawo.

Kodi mumadziwa kuti Celeron yofooka imadutsa pomwe i7 yamphamvu yagwa?

Celeron N4020 ndi yovomerezeka. Celeron N3060 ndi N3350 ayi. Izi zikusonyeza kuti mndandandawu suyang'ana liwiro, umayang'ana msinkhu ndi zida zachitetezo zomwe zili m'kati mwa purosesa. Mu Ogasiti 2021 Microsoft inadziteteza ponena kuti makompyuta osakwana pa muyesowo amagwa ndi sikirini yabuluu mochuluka ndi 52 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi okwana. Kunena zoona, ine mzere womwe anaudula pakati pa m'badwo wa 7 ndi wa 8 sundikhutiritsa, poti laputopu ya i5-7300U yokhala ndi ramu ya 8 GB imathamanga bwino kuposa Celeron iliyonse yovomerezeka. Koma mzerewo ulipo, ndipo kudandaula kwathu sikuusuntha.

Timalaputopu topepuka ta ana asukulu, monga mitundu ina ya HP Stream, tili ndi vuto lina: disiki yake ndi ya 32 GB ndipo ndi yomatiridwa ku bolodi. Ngakhale purosesa itadutsa, malo sakwana, ndipo simungaichotse kuti muikemo ina.

Kodi mumadziwa kuti TPM ikhoza kukhalamo koma itangozimitsidwa?

TPM ndi kachipangizo kosunga makiyi achinsinsi a kompyuta, monga omwe amatseka disiki kuti wakuba akaichotsa n'kuiika m'makina ena asawerenge kalikonse. M'malaputopu ena ndi kachipi kapadera pa bolodi, mwa ena kali m'kati mwa purosesa momwe. Kuyambira pa 28 Julayi 2016, Microsoft inalamula opanga makompyuta kuti atsopano onse obwera ndi Windows 10 azikhala ndi TPM 2.0. Choncho laputopu ya m'badwo wa 8 ikamanena kuti ilibe TPM, nthawi zambiri ndiye kuti wina anaizimitsa.

Kuti muone, dinaninso Windows ndi R, mulembe:

```
tpm.msc
```

Ikalemba kuti "The TPM is ready for use", yang'anani m'munsi pa Specification Version. Pakhale 2.0. Ikalemba kuti "Compatible TPM cannot be found", musathamangire kutaya mtima. Zimitsani laputopu, ndipo poyatsa dinani mobwerezabwereza batani lolowera mu BIOS: F10 pa HP, F2 pa Dell, F1 pa ThinkPad. Pitani pa Security. Chovuta n'chakuti aliyense amaitchula mwakemwake. Pa ThinkPad ndi Security Chip. Pa HP ndi TPM Embedded Security. Pa Dell ndi TPM 2.0 Security. Kwina mupeza Intel PTT kapena AMD fTPM, zomwe ndi TPM yomweyo ya m'kati mwa purosesa. Iyatseni, sungani zomwe mwasintha, tulukani.

Pafupi pomwepo pamakhala mawu akuti Clear TPM. Amenewo musawakhudze. Amafufuta makiyi, ndipo ngati disiki yanu ndi yotsekedwa ndi BitLocker, ikatero idzakufunsani nambala yopulumutsira ya manambala 48, yomwe ogula kaunjika ambiri sanaionepo.

Kodi mumadziwa kuti TPM 1.2 nthawi zina imakwezeka, koma phindu lake n'lochepa?

Ma EliteBook 840 G3 ambiri anatuluka ndi TPM 1.2, ndipo HP inapereka pulogalamu yoikwezera kufika pa 2.0. Dell inachitanso chimodzimodzi pa ma Latitude ena. Wokonza akhoza kukuchitirani zimenezi n'kukulipiritsani, ndipo sananame, TPM ikweradi. Koma purosesa ikadali ya m'badwo wa 6. Mulipira, mubwerera kunyumba, Windows 11 ikukanabe. Musanapereke khobidi lililonse pa TPM, onani kaye purosesa.

Kodi mumadziwa kuti mawu akuti Legacy nthawi zambiri ndi chizindikiro cha dzanja la woika Windows, osati ukalamba wa laputopu?

Laputopu ili ndi njira ziwiri zoyakira, yakale yotchedwa Legacy ndi yatsopano yotchedwa UEFI. Secure Boot, yomwe imaletsa mapulogalamu achinyengo kulowerera kompyuta ikamayaka, imagwira mu UEFI mokha. Anyamata ambiri oika Windows m'timashopu ta m'makwalalamu ali ndi fulashi imodzi yomwe anaikonza kalekale, yoyaka mwa Legacy. Laputopu ikakana fulashiyo, amalowa mu BIOS, kuzimitsa Secure Boot, kusinthira ku Legacy, kuika Windows, basi kasitomala wanyamuka. Laputopu imagwira ntchito bwinobwino kwa zaka, mpaka tsiku lomwe Windows 11 idzaikane.

Ndiye mukaona BIOS Mode: Legacy ndi Secure Boot State: Unsupported pa laputopu ya m'badwo wa 8, dziwani kuti mawu akuti Unsupported akunena za mmene yaikidwira, osati zomwe ingathe. Ndipo Microsoft imafuna kuti laputopu ikhale yotha kuyatsa Secure Boot; mukaona UEFI ndi Off, mwadutsa kale, ngakhale kuiyatsa ndiye kwabwino.

Kodi mumadziwa kuti kusinthira ku UEFI mothamanga kumasiya laputopu isakuyaka?

Apa tikhalepo pang'ono, ndi chitsanzo. Tiyerekeze mayi wa kashopu kotayipa ndi kusindikiza ku Kawale 2. Ali ndi EliteBook 840 G5 yomwe muli makalata ofunsira ntchito a makasitomala, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Kona ya chikuto inasweka n'kumatidwa ndi selotepi, chilembo cha E chinafufutika pa kiyibodi chifukwa chotayipa, ndipo chaja imafuna kuipinda mwinamwake kuti igwire. Windows Update yawalembera kuti kompyutayi siikukwana pa zofunika za Windows 11, ndipo wina wawauza kale kuti, "Mayi, iyi yatha, gulani ina."

Tsamba la msinfo32 likuonetsa izi: Processor ndi i5-8350U, ramu 8 GB, System Type ndi x64-based PC, BIOS Mode ndi Legacy, Secure Boot State ndi Unsupported. Ku tpm.msc yalemba kuti "Compatible TPM cannot be found". Purosesa yadutsa, ndiye zotsalazo ndi ntchito ya masana amodzi.

Choyamba, mafayilo onse a makasitomala akoperedwe pa fulashi kapena pa disiki yakunja. Chachiwiri, TPM iyatsidwe mu BIOS monga tafotokozera. Chachitatu ndiye chomwe chimapweteketsa anthu. Windows yoikidwa mwa Legacy imakhala pa disiki yogawidwa mwa njira yakale yotchedwa MBR, pomwe UEFI imafuna disiki yogawidwa mwa GPT. Mukangolowa mu BIOS n'kusankha UEFI disiki ikadali MBR, laputopu ya HP idzakulandirani ndi sikirini yakuda yolembedwa Boot Device Not Found. Mafayilo sanatayike, kubwezera ku Legacy kumaidzutsa, koma mtima umakhala utagunda kale.

Ndondomeko yake ndi kusintha disiki poyamba, BIOS pambuyo. Windows 10 ili ndi chida chake chochitira zimenezi osafufuta mafayilo. Tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator. Yambani mwaona ngati disiki ndi yotsekedwa ndi BitLocker, kenako muyese ngati ingasinthike:

```
manage-bde -status
mbr2gpt /validate /allowFullOS
```

Ngati BitLocker ndi yoyaka, iimitseni kaye ndipo nambala ija ya manambala 48 muilembe papepala. Lamulo lachiwirilo silisintha kanthu, limangoyesa. Likalemba kuti "Validation completed successfully", njira yatseguka. Likakana, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti disiki inagawidwa zigawo zoposa zitatu, zomwe zimachitika kwambiri kuno poti timakonda kukhala ndi C ya Windows, D ya nyimbo, E ya mafilimu. Zikatero chigawo chimodzi chiyenera kusamutsidwa n'kuchotsedwa. Ikalola, lembani:

```
mbr2gpt /convert /allowFullOS
```

Sizitenga nthawi. Ikamaliza, laputopu siingayakenso mwa Legacy, ndipo chidachi chilibe lamulo lobwezera m'mbuyo. Tsopano ndi pomwe mulowe mu BIOS ndi F10, muzimitse Legacy Support, muyatse Secure Boot, musunge. HP imatha kukuonetsani manambala anayi kuti muwalembe potsimikiza kuti ndinudi mwasintha. Windows ikayaka, bwererani ku msinfo32: BIOS Mode inene UEFI, Secure Boot State inene On. Laputopu ya mayi aja, yomwe amati yatha, yakwana pa zonse popanda kugula chitsulo chilichonse.

Chenjezo limodzi la kwathu kuno: musayambe ntchitoyi ndi batire yakufa. Magetsi akathima pakati pa kusintha disiki kapena pakati pa kuika Windows, ndiye kuti mwaitana mavuto. Lamulo la `powercfg /batteryreport` limatulutsa tsamba loonetsa Design Capacity, mphamvu yomwe batire inabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, yomwe yatsala lero. Ngati yotsalayo ndi kachigawo kochepa chabe, kachitireni ntchitoyi kwa mnzanu wa sola kapena wa inivete.

Kodi mumadziwa kuti BIOS ina imabwera itakhomedwa ndi pasiwedi ya kampani yakunja?

Malaputopu ochokera m'maofesi nthawi zina amafika ndi pasiwedi ya woyang'anira makompyuta wa komwe anachokera. Windows imayaka bwino, koma mu BIOS simungasinthe kanthu, kutanthauza kuti TPM yozimitsidwa ikhala chizimire. Pogula, yesani kulowa mu BIOS wogulitsa ali pomwepo. Ikafunsa pasiwedi yomwe iye saidziwa, sankhani ina.

Kodi mumadziwa kuti Microsoft ili ndi kapulogalamu kaulere koyesera zonsezi?

Dzina lake ndi PC Health Check. M'makompyuta ambiri a Windows 10 kanalowa kale kokha, ndiye yambani mwakasaka pa Start musanawononge bandulo. Mukadina Check now, kenako See all results, kamandandalika chilichonse ndi chizindikiro chobiriwira kapena chofiira. Ubwino wake ndi wakuti kamayerekeza purosesa yanu ndi mndandanda weniweniwo, choncho pa ma Celeron, ma Pentium ndi ma AMD osokoneza aja ndi komwe kamathetsa mkangano. Kufooka kwake ndi kwakuti kamangonena chomwe chikusowa, sikanena ngati chasowa chifukwa kulibe kapena chifukwa chazimitsidwa. Mayi a ku Kawale 2 aja kakanangowaonetsa zofiira ziwiri. Komanso mukakonza zinthu, Windows Update imatha kutenga mpaka maola 24 isanazindikire kuti tsopano mwakwana.

Kodi mumadziwa kuti kuona Windows 11 ikuyaka pa shelefu si umboni woti laputopuyo ndi yovomerezeka?

Iyi ndiye mfundo yomwe ndikufuna aliyense wokagula laputopu ya mwana wopita ku Bunda kapena ku Lilongwe Technical College ayigwire. Pali njira zodumphitsira Windows 11 pa mpanda. Pulogalamu ya Rufus, yomwe okonza amapangira fulashi yoikira Windows, ili ndi kabokosi komwe ukachonga imachotsa kufufuza kwa TPM, Secure Boot ndi ramu. Ndiye EliteBook 840 G3 ikhoza kukhala pa shelefu ikuwala ndi Windows 11, mtengo utakwezedwa, wogulitsa n'kumati, "Onani nokha, bwana, ndi ya leveni." Zili ngati minibasi yopakidwa penti yatsopano yomwe mapepala ake a pamsewu anatha kalekale: ikuyenda ndithu, koma simudziwa pomwe idzaimitsidwe.

Microsoft imanena poyera kuti kompyuta yotere siitsimikiziridwa kulandira zigamba. Zomwe zimachitika kawirikawiri ndi zakuti zigamba za mwezi ndi mwezi zimabwera, koma mtundu watsopano wa chaka ndi chaka subwera wokha. Mtundu uliwonse wa Windows 11 Home ndi Pro umasamalidwa miyezi 24 yokha. Ikatha, mwini laputopu ayenera kubwerera kwa wokonza kuti akaidumphitsenso, apo ayi ikhala yopanda zigamba ngati Windows 10 yomwe anaithawa ija, iye osadziwa. Kuti muone mtundu womwe muli nawo, lembani `winver` m'kabokosi kaja; muona zolembedwa monga 23H2, 24H2 kapena 25H2, momwe manambala awiri oyambawo ndi chaka.

Sindikunena kuti laputopu yodumphitsidwa ndi yosagulika. Kwa wophunzira wongofuna kulemba ndi kuwerenga, 840 G3 yokhala ndi disiki ya SSD ndi makina abwino. Koma igulidwe pa mtengo wa m'badwo wa 6, wogula akudziwa chomwe wanyamula.

Kodi mumadziwa kuti pali malaputopu omwe ngakhale kudumphitsa sikuthekanso?

Kuyambira pa mtundu wa 24H2, womwe unatuluka pa 1 Okutobala 2024, Windows 11 imafuna purosesa yomva malangizo otchedwa SSE4.2 ndi POPCNT. Ma Core 2 Duo alibe zimenezi. Pa iwowa palibe kabokosi kochonga, Windows imangokana kuyaka.

Kodi mumadziwa kuti Windows ya 32-bit siikwera kupita ku Windows 11?

Windows 11 ndi ya 64-bit yokha. Pa Settings, System, About mukapeza mawu akuti "32-bit operating system, x64-based processor", ndiye kuti makinawo ndi a 64-bit koma anaikidwa Windows yolakwika. Njira yake ndi kusunga mafayilo kwina n'kuika Windows mwatsopano.

Kodi mumadziwa kuti 4 GB ya ramu imakwana pa pepala pokha?

Idutsa pa kuyesedwa, koma mukatsegula Chrome ndi Word nthawi imodzi muyamba kudikira. Ramu ya 8 GB ndi disiki ya SSD ndiye poyambira pabwino. Mwamwayi izi ziwiri ndi zomwe zimasinthika mosavuta pa malaputopu a muofesi monga T480 ndi 840 G5, ndipo sizidya ndalama ngati kugula laputopu ina. Purosesa ya malaputopu a zaka zimenezi ndi yomatiridwa ku bolodi. Wokuuzani kuti akusinthirani kuchoka pa m'badwo wa 7 kupita pa wa 8 akutanthauza kusintha bolodi yonse.

Kodi mumadziwa kuti kukwerako n'kwaulere, koma bandulo ndiyo imalira?

Ngati Windows 10 yanu ili ndi chilolezo chenicheni, Windows 11 simulipira: Home imapita ku Home, Pro ku Pro. Windows 10 yakeyo ikhale ya mtundu wa 2004 kapena wapambuyo pake, zomwe `winver` ikuuzani. Koma fayilo yoikira Windows 11 imaposa 5 GB, ndipo zigamba zotsatira zimawonjezera pamenepo. Pa bandulo ya Airtel kapena TNM imeneyo si nkhani yamasewera. Nzeru ndi kukopera kamodzi pamalo pomwe pali intaneti yosawerengera, kuika pa fulashi ya 8 GB kapena yoposa, n'kugawana ndi anzanu. Poika mwatsopano imafunanso intaneti ndi akaunti ya Microsoft. Mukakwera n'kuona kuti makina osindikizira akale a m'shopu akana kugwira, muli ndi masiku 10 obwerera ku Windows 10 kudzera pa Settings, System, Recovery, Go back.

Kodi mumadziwa kuti laputopu yogwa pa purosesa ili ndi njira zitatu?

Yoyamba ndi pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Extended Security Updates, yomwe inakonzedwa kuti ipatse anthu wamba zigamba za Windows 10 mpaka pa 13 Okutobala 2026. Imafuna mtundu wa 22H2 ndi akaunti ya Microsoft, ndipo munthu amalowa polipira madola 30 a ku Amereka, kapena mwaulere akalola kuti zokonda za kompyuta yake zizisungidwa ku akauntiyo. Yachiwiri ndi kuchoka ku Windows n'kuika Linux Mint kapena ChromeOS Flex, zomwe ndi zaulere ndipo zimathamanga bwino pa makina a m'badwo wa 4 kapena wa 6. Musanatero onetsetsani kuti makina anu osindikizira ndi mapulogalamu omwe mumadyera, monga CorelDRAW kapena Publisher, ali ndi cholowa m'malo, poti amenewa sayenda mwachindunji kumeneko. Yachitatu ndi ya kompyuta yomwe ntchito yake ndi kutayipa, kusindikiza ndi kuika nyimbo m'mafulashi basi: ikhalebe pa Windows 10, muichotse pa intaneti, zakubanki ndi maimelo muzichitira pa foni, ndipo fulashi iliyonse ya kasitomala muziyamba mwaipima mavairasi musanaitsegule.